Diresi la Pachitseko ndi Zingwe za Asewere

Chinayamba kufika ndi chithunzi, diresi linatsatira pambuyo. Ee, chithunzi, kapepala kongokwana m'chikhatho, koma kanandiwawitsa tiyi m'kamwa, ine amene ndinayamba kuthyola tiyi mabere asanamere.

Chinali chaka chija mashopu a ku Hauna anangotsala mashelefu okhaokha, mbee! Ukalowa umangomva fungo la sopo amene anatha kalekale. Malipiro a kuesiteti ukalandira m'mawa, pofika madzulo sakugulanso ndi mchere womwe. Ife a m'komboni tinalibe minda. Makolo athu anachoka ku Nyasalande ndi mtolo pamutu kudzathyola tiyi wa eni ake, ndipo dothi limene anatisiyira ndi la kumanda kokha. Ndinaonda, anthuni, ndinaonda. Nsalu imene kale inkandizungulira kamodzi inayamba kundizungulira kawiri, n'kutsalanso yopisira.

Mwana wanga wamwamuna, mmodzi yekhayo, anali atapita ku Joni ndi mkazi wake. Iye ankagwira ntchito yomanga, mpongozi wanga ankagwira m'nyumba ya anthu. Akapeza kanthu ankamanga katundu, kumupatsa dalaivala wa basi yofika ku Mutare, dalaivala n'kupatsa hwindi wa kombi ya ku Hauna, uja woitanira anthu pakhomo la kombi. Katundu ankabwera mmodzi, koma amayi tinali awiri: ine, ndi amake mpongozi wanga, asewere anga.

Asewere anga! Ndiwaimbe bwanji? Mmanyika weniweni, mwini nthaka, wamtali ngati mtengo wa bulugamu, thupi lake lodzadza bwino. Kumunda kwawo kutsidya la mtsinje kunali nthochi, mapeyala, madumbe, nzimbe. Njala inkafika pampanda pawo n'kupempha madzi akumwa, n'kubwerera kwathu. Akamayenda, nthaka inkavomera kuti di, di, di. Ine ndikamayenda ngakhale nkhuku sizinkapatuka. Iwo ankandiitana m'chilankhulo chawo kuti “vakurungai,” ine ndinkawaitana m'chathu kuti “asewere,” ndipo tinkamwetulirana mano onse pamtunda, mitima ili pansi ikuyezana.

Katundu wam'mbuyomo munali bulangeti, lija lolemera lokhala ndi nyalugwe pakati. Hwindi anati, “Ili ndi la agogo a kutsidya.” Ine ndinalandira mafuta ophikira ndi mpunga. Mpunga ndinadya, unatha. Bulangeti silitha. Tsiku lililonse ladzuwa linkayanikidwa pampanda wawo, nyalugwe atayang'ana kukomboni kwathu, akundiseka.

Tsono pa ulendo uwu tinakumana tonse pasiteji ya ku Hauna. Hwindi anatsitsa chikwama, tinamasula pomwepo. Shuga, sopo wamtanda, mafuta, machesi. Pansi penipeni, m'kapulasitiki, chithunzi.

Diresi. Labuluu ngati thambo la mwezi wa Juni, manja ofika m'zigongono, lesi pakhosi, timabatani tonyezimira kutsika pachifuwa, m'munsi motambalala. Lili pahang'ala, hang'ala atakoleka pamwamba pa chitseko. Munthu palibe. Ndinatembenuza. Zilembo masiku amenewo ndinkangodziwa za dzina langa, koma pepala loyera ndinkalidziwa. Kumbuyo kunali mbuu, popanda ndi kadontho komwe.

“Iwe mwanawe,” ndinatero kwa hwindi, “uthenga wake uli kuti?”

“Gogo, ine ndapatsidwa ndi dalaivala. Iyenso akuti anapatsidwa ndi mnzake paboda, basi yawo itafera pamenepo. Akuti panali mawu, koma anatsalira ku Beitbridge.”

“Mawu amatsalira bwanji? Anali olemera kuposa shuga?”

“Angoti n'za amayi.”

“Amayi ati?”

Anatiyang'ana, wamtali ndi wamfupi, n'kumenya denga la kombi. “Mutare, Mutare, mmodzi yekha!” Basi wapita.

Kuimba foni? Foni m'komboni monse inali ndi kapitawo yekha, ndipo kuti igwire umayenera kukwera nayo phiri, magetsi akhale kuti anabwerako sabata imeneyo. Mwana wanga nayenso analibe yakeyake. Tinatsala ndi chithunzi chosalankhula, amayi awiri, wina wagwira ngodya iyi, wina ngodya iyo, aliyense akumwetulira, aliyense osasiya.

“Ndikasungire ine, vakurungai,” anatero asewere. “Kwanu kumadontha.”

“Chinatuluka m'munsi mwa shuga wanga, asewere. Chigone kwathu.”

Tinapangana kuti chizigona uku sabata, uko sabata, monga ankachitira mdzukulu wathu amene anawo anatisiyira popita ku Joni. Sabata yoyamba inali yanga.

Lolemba ndinapita nacho kumunda wa tiyi, nditachipisa pachifuwa. Nthawi yodikira sikelo, madengu tatula, ndinachitulutsa. Amayi anaunjikana, zala zobiriwira zonse zikufuna kugwira.

“Ukwati uwu!” anatero mnzanga wa mzere woyandikana. “Akufuna kudalitsa ukwati kutchalitchi pa Khirisimasi. Diresi ndi la mkwatibwi, inu akukuuzani kuti mufune nsalu ndi duku zofanana nalo, mukaoneke a banja limodzi.”

“Iyayi,” anatero wina, “mkwatibwi savala labuluu. Apa akufunsa saizi. Akuti taona ili, tumizani muyezo.”

“Muyezo wa ndani?”

Apo aliyense anayamba kukonza dengu lake.

Ndinabwerera m'mizere. Masamba awiri ndi kansonga, ponyera kumsana. Masamba awiri ndi kansonga, ponyera kumsana. Pakamwa panayamba pokha:

Diresi lili pachitseko, ee,
mwini wake sanena.
Chitseko, tandiuza, ee,
wamfupi kapena wamtali?

Loweruka asewere anabwera kudzatenga chithunzi, atasenza mkoko wa nthochi woti andipatse, kuti komboni yonse ione amene amadyetsa mnzake. Anakhala pampando wanga umodzi womwewo, mpando n'kulira. Anachiyang'ana chithunzi atachitalikitsa.

“Ine ndaganiza china, vakurungai. Paja inu munachapapo kunyumba ya manijala?”

“Ndinachapa, nanga n'chinsinsi?”

“Ndiye mwina mwana wangayu wapatsidwa diresi la adona ake kuti achape, akuopa kuliwononga. Ndiye akuti tikafunse kwa amayi aja odziwa kuchapa zovala za eni ake.”

Anaseka mpaka duku linapendekeka. Inenso ndinaseka, hehede, mano onse. Zovala za eni ake! Inde, ndinachapa madiresi ambiri osakhala anga, ndinasita lesi wambiri amene sanakhudzepo khosi langa. Ndiye mwana wanga amene ndinamubereka kumsana pansi pa dengu la tiyi, anditumizire chithunzi cha diresi kuti ndimuuze kachapidwe?

“Akanafuna zochapa akanajambula kansalu ka m'khosi,” ndinatero. “M'pamene pamakhala kabeseni ndi kasimbi. Apa ajambula kutsogolo, kuti munthu alisirire.”

“Aa, ndiye ndalisirira kale,” anatero asewere, n'kuchiika m'chikwama.

Itakwananso sabata yanga ndinapita kwa atelala. Anali mkulu wa kwathu komwe, wa ku Mulanje, makina ake opalasa ndi phazi ali pakhonde kumapeto kwa komboni. Nthawi imeneyo ntchito yawo inali zigamba zokhazokha, kutembenuza makolala, kubweza mathalauzi a anthu amene ziuno zinawathawa.

“Atelala, tandiuzani, diresi ili n'la thupi lotani?”

Anavala magalasi omanga ndi ulusi. “Mayi, chithunzi sichinena saizi. Diresi la chidole ndi la chimphona pachithunzi zimangofanana. Pamafunika pakhale chinthu pambali pake chimene tikuchidziwa kukula kwake.”

“Chitsekocho simukuchiona?”

“Ndikuchiona, koma pansi pake sipakuoneka. Chikuoneka n'chogwirira chokha.”

“Yezani ndi chogwiriracho.”

Anakana, ndinakakamira. Anakana, ndinakhala pansi n'kutambasula miyendo. Mapeto ake anati ndikatenge diresi langa la kutchalitchi. Analiika pahang'ala, n'kulikoleka pamwamba pa chitseko chawo. Diresi langa linatsika, linatsika, n'kuthera pang'ono chabe kupitirira chogwirira. Tinayang'ana la pachithunzi. Ilo linapitirira chogwirira n'kumapitabe, kumapitabe, kutali.

“Ngati ichi chili chitseko cha nyumba ngati changachi,” anatero atelala, “diresili n'la munthu wamtali. Koma ndati ngati, mayi. Mwamva? Ngati.”

“Ngati” ameneyo ndinamusiya pakhonde pawo pomwepo. Ndinanyamula “wamtali” yekha n'kupita naye kwathu.

Wamtali, ee, wamtali!
Bulangeti kwa wamtali,
diresi kwa wamtali,
wamfupi adye mpunga, utha mawa.

Ndinaganiza zambiri masiku amenewo, manja akuthyola, mutu ukuphika. Ndinati mpongozi ndiye wagwira chikwama kumeneko. Ndinati mwana wanga wadyetsedwa nthochi za kutsidya mpaka waiwala amene anamutafunira chimanga. Ndinakumbukira ali mwana, sukulu ikamatsegulidwa. Kupita naye ku Mutare kokagula yunifolomu kunali kudula, ndiye ndinkamuyeza ndi chingwe cha matumba a kufakitale, n'kupatsa amene akupita kutauni. Zingwe zitatu: cha pachifuwa mfundo imodzi kumapeto, cha m'chiuno mfundo ziwiri, cha msinkhu mfundo zitatu, kuti wogula asasokoneze. Zonse n'kuzimanga pamodzi ndi kamfundo kanga kokhala ndi khutu, kamene ukakoka kamamasuka kokha. Umo ndi mmene tinkalemberana ife osalemba. Lero mwana yemweyo akuveka amayi a eni ake.

Asewere sanachedwe. Tsiku lina anawoloka phiri kupita ku Mozambiki ndi amayi ogulitsa nthochi, chithunzi chili m'chikwama. Anakayenda nacho msika wonse, kuchiika pansalu iyi, kuchiika pansalu iyo, mpaka anapeza duku labuluu lofanana nacho ndendende. Analivala kudzandionetsa.

“Mwaliona, vakurungai? Ngati anabadwa tsiku limodzi.”

“Lakukhalani,” ndinatero.

“Tsono chatsala ndi muyezo. Tepi ya atelala manambala ake ine sindiwakhulupirira, angakasinthe panjira ngati mawu aja. Paja inu a Chinyasalande muli ndi njira yanu ya zingwe? Mkamwini wanga amaidziwa. Tandiyezani.”

Ine! Ndiwayeze ine! Ndikanakana akanati nsanje. Ndipo ine nsanje ndinali nayo yodzadza dengu, koma yoti aione asewere, ayi. Ndinatenga chingwe cha thumba la fakitale. Anaimirira pakati pa nyumba yanga, manja m'mwamba, ngati akulandira madalitso. Ndinazunguliza pachifuwa. Manja anga sanakumane kumbuyo, ndinachita kuyenda mozungulira ngati ndikuzungulira nkhokwe.

“Musakoke kwambiri, ndizipuma.”

“Pumani, asewere, chingwe chilipo chambiri. Fakitale sinatseke.”

Mfundo imodzi. Ndinatsikira m'chiuno, pamene thupi latambalala kwambiri, pakuti diresi likakana pamenepo lakana ponse. Mfundo ziwiri. Cha msinkhu ndinachita kukwera pampando kuti ndifike paphewa, iwo atapondereza nsonga ina pakatumba. Mfundo zitatu. Ndinazimanga pamodzi ndi kamfundo kanga ka khutu, poti manja amachita zimene anazolowera, safunsa mtima.

“Inu simutumiza zanu?” anafunsa akupinda zingwe.

“Zanga za chiyani? Ine zovala ndili nazo.”

Ndinene zoona, chinanso chinalipo. Zingwe zanga zikanagona pambali pa zawo, ku Joni konse kukanaona mmene ndinathera. Chingwe cha m'chiuno mwanga chikanangokwana pamkono wawo. Ndinati ayi, mwana wanga asandione ndili chingwe chachifupi.

Ndinali nditafutsa masamba a nyemba oti nditumize, ndi tiyi pang'ono wa kufakitale. Asewere anati apita okha ku Hauna ndi nthochi zawo, akapereka. Zingwe zawo anaziponya m'thumba lomwelo la mfutso wanga. Zinapita ku Joni monga chinabwerera chithunzi, zopanda mawu.

Mvula inayamba, tiyi anaphuka, tinathyola mpaka zala kuchita dzanzi. Khirisimasi ili pafupi, uthenga unafika kudzera kwa kapitawo kuti akubwera. Ndinasesa, ndinazira pansi, ndinabwereka mpando wachiwiri. Asewere anafika m'mamawa ndi nkhuku, duku labuluu lili pamutu, litamangidwa mokweza ngati chisa.

Anatsika kombi pamsewu wa fakitale, mwana wanga patsogolo ndi zikwama, mpongozi pambuyo. Ndinathamanga, ndinalulutira, ndinaimba. Mwana wanga anaima. Anandiyang'ana kumutu, anandiyang'ana kumapazi. Chikwama chinagwa.

“Amayi, mwadwala?”

“Ndadwala chiyani? Ndine ndemwe.”

“Koma zingwe zija…”

Sanamalize. Tinalowa m'nyumba, tinalonjerana mwa mwambo, iye atagwada, akuwomba m'manja kwa apongozi ake mwa Chimanyika. Koma maso ake ankangobwerera kwa ine, pamikono, pakhosi. Atamwa madzi anatsegula chikwama, n'kutulutsa chinthu chokutidwa m'pepala lofewa. Asewere anakonza duku. Ine ndinayang'ana kudenga, kuwerenga mabowo a malata.

Mwana wanga anawapitirira asewere. Anadzagwada pamaso panga. Anachiika pamiyendo panga.

“Amayi, diresi lanu lija.”

Anthuni! Mabowo a malata anasanduka nyenyezi masana.

“Langa?”

“Nanga la ndani? Ndinamuuza dalaivala kuti akaonetse amayi anga ondibereka, ngati alikonda anditumizire zingwe. Amayi a kutsidya tinawagulira bulangeti, ulendo uno tawagulira nsapato. Diresi ndi lanu. Chibadwire sindinakuonenipo mutavala chatsopano chochokera m'pepala.”

“Nanga kutalika kuja? Linapitirira chogwirira cha chitseko!”

“Chitseko chiti? Ija ndi wadiropu, amayi. Mayi wogulitsa madiresi analikoleka pa wadiropu yake, kachitseko kake kakafupi. Lija linali laling'ono, la msinkhu wanu womwe.”

Ndinafunyulula pepala. Choyamba mtundu. Silinali labuluu! Linali lofiirira mwakuda, ngati khungu la biringanya lakupsa. Mpongozi anati mtundu umenewu kamera ya pafoni imaunamizira, imautulutsa wabuluu. Ndinayang'ana diresi, ndinayang'ana duku la asewere. Sizinabadwe tsiku limodzi. Sizinabadwe ndi mudzi umodzi womwe. Ndinaluma mlomo kuti nyimbo isatuluke.

Kenako ndinaliimika. Linatambasuka, linatambasuka, manja anga ali m'mwamba ilo likadali pansi. M'lifupi mwake tikanalowamo ine, mpongozi ndi mdzukulu, n'kutsala malo a nkhuku.

“Zingwe zinabwera m'mfutso wanu,” anatero mwana wanga. “Chingwe cha kufakitale, mfundo zanu, kamfundo ka khutu kaja. Ndinakadziwa ndisanamasule. Ndinayeza pachifuwa panga, chingwe n'kutsala. Ndinavina, amayi. Ndinauza anzanga onse kuti kwathu kuli njala koma amayi anga anenepa, katundu wanga akufika. Kutalikako ndinati mukufuna lofika m'mapazi. Tinachita kuitanitsa lalikulu kwambiri.”

Mpongozi anabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka. “Ine ndinanena kuti chiuno ichi ndikuchidziwa,” anatero chapansipansi. “Anandikalipira kuti ndikuchitira nsanje amayi awo.”

Kenako asewere anakhosomola.

“Aa, zachitika. Koma poti lasokedwa pathupi langa, vakurungai, musavutike nalo. Inu mutenge nsapatozo. Chovala chimapita kumene chakwana. Si choncho, mwanangu?”

Funsolo analiponyera kwa mwana wanga. Ndipo mkamwini kwa Amanyika sakana mawu a apongozi ake, ngakhale atamupempha chipewa chili pamutu. Ndinamuona akuyang'ana pansi, akukanda dothi ndi chala. Ndinaona pakamwa pake pakukonzeka kunena kuti “zili bwino, amayi.” Diresi linali pamiyendo panga koma linali litayamba kale kuwoloka mtsinje.

Ndinaimirira, ndinalowa kuchipinda, ndinalivala pamwamba pa zovala zanga zomwe. Khosi linatsetsereka kugwera paphewa. Manja ofika m'zigongono anafika m'zala. Ndinakwinya m'munsi ndi manja onse awiri ngati ndikuwoloka mtsinje wa Pungwe, n'kutuluka.

“Landikwana!” ndinatero.

“Maiwe, vakurungai, mukuoneka ngati mwana wavala neti ya udzudzu!”

“Landikwana, asewere. Mwana wanga anandiona chonchi ku Joni. Mwezi wathunthu ndinali wonenepa kumeneko, anthu akundivinira. Ndani anavinidwapo ku Joni muno?”

Ndinatuluka panja. Ndinalowa m'njira ya pakati pa komboni, diresi likundikupiza mbali zonse, ndipo nyimbo ija ndinailuma inaphulika:

Chitseko chinanama, ee,
wadiropu, wadiropu!
Kamera inanama, ee,
biringanya, biringanya!
Mwana wanga sananame,
diresi n'la wamfupi!

Amayi anatuluka m'makhitchini ndi zipande m'manja, nthungululu kuseri ndi kuseri. Komboni yonse inaliona lili pathupi panga, ndipo chovala chimene anthu akuona utavala, wina sangakuvulenso. Ndinavina mpaka pakhonde la atelala.

Atelala anavula magalasi, anapukuta, anavalanso. “Mayi, paja ndinati ngati.”

“Ngati wanuyo ndamupeza, anali wadiropu. Libwezeni.”

Analitembenuza kunja m'kati, anayang'ana misoko. “Mwachita mwayi kuti lalakwikira kukula. Lalikulu timabweza. Likanakhala laling'ono, nsalu yoonjezera ya mtundu umenewu tikanaipeza kuti? Koma si ntchito yongopinda m'mbali. Mapewa agwa, ndiyenera kuchotsa manja, ndichepetse mapewa, ndibwezeretse manja. M'munsi ndidula.”

“M'munsi dulani. Koma m'mbali musadule, pindirani m'kati.”

“Yonseyi? Lidzakulemerani, misoko idzatupa.”

“Dulani theka, theka musiye. Njala iyi si ya muyaya. Ndidzalitsatira diresili.”

Anandibaya ndi mapini uku ndi uku, choko chikuyenda. Apo asewere anatulukira, nsapato zatsopano zili kumapazi, zikulira kwe, kwe. Anaima, manja m'chiuno, kuyang'ana lumo likudya m'munsi mwa diresi. Nkhope yawo ndinaidziwa. Inali nkhope yanga ya tsiku la bulangeti. Ndinaiyang'ana bwinobwino, ndinakhuta nayo.

Nsalu yodulidwa m'munsi inali yaitali, poti diresi linali lotambalala. Atelala anailumikiza pawiri n'kundisokera duku. Limenelo ndiye lobadwa tsiku limodzi, mimba imodzi. Panatsala kachidutswa kopyapyala ngati lamba. Ndinakatenga, ndinapita nako kwa asewere ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

“Asewere, munabwereketsa thupi, musapite chimanjamanja. Kasokereni m'mphepete mwa duku lanulo.”

Anayang'ana kachidutswako, n'kuyang'ana ine. Kenako anaseka, chiseko chawo chija chogwedeza malata. “Vakurungai, ndinu mfiti yaing'ono.” Anakatenga. Anakasokeradi, ndipo pa Khirisimasi kutchalitchi aliyense woona kamzere kofiirira pa duku labuluu ankatembenuka kufunafuna kumene kanachokera, n'kundipeza ine kutsogolo, ndikuyambitsa nyimbo.

Tsiku lochapa koyamba asewere anabwera ndi malangizo, akuti ndiliviike m'madzi otentha ndi sopo wamtanda, ndilimenye pamwala. Ndinatembenuza khosi la diresi, ndinawaonetsa kansalu kaja. Pamenepo zilembo sizifunika, amalemba ndi zithunzi, ndipo zithunzi zimenezo ndinaziphunzira kunyumba ya manijala. Kabeseni muli dzanja: chapa ndi manja, mofinya pang'onopang'ono, madzi osatentha. Kanthu ka nsonga zitatu atakadula ndi mtanda: mankhwala oyeretsa asayandikire. Kasimbi ka dontho limodzi: simbi yofunda chabe, makala awiri atatu, ndipo ine ndimayalanso kansalu pamwamba kuti lesi asapse. Kuyanika ndimayanika pamthunzi, kunja kuli m'kati, dzuwa lisadye mtundu.

“Mwaona, asewere? Munanena zoona. Kuchapa ndimadziwa. Koma lero ndikuchapa langa.”

Diresilo lilipo mpaka pano. Atelala analimasula m'mbali kawiri asanamwalire, ndipo ulendo wachiwiri ndinaitana asewere adzaonerere. Sindinafike pa zingwe zawo, ayi, kumeneko n'kutali, koma ndayendako ndithu.

Chimodzi chokha chimandidyabe. Chithunzi chija chinathera kutsidya, poti sabata imene ana anafika inali ya asewere. Anachiika m'felemu, pakhoma, pamwamba pa mpando umene amayalapo bulangeti la nyalugwe. Alendo akafunsa amati, “Ili ndi diresi limene mkamwini wanga anandiyezera ku Joni.” Ndipo pachithunzipo likadali labuluu, likufanana ndi duku lawo. Ndawapempha, ndawanyengerera ndi tiyi wa giredi yoyamba, akukana. Ndiye ndikamapita kukawaona ndimavala diresi langa, ndimamanga duku langa, n'kukakhala pansi pa chithunzicho penipeni, mpaka mlendo afunse.